Webusayiti Yokongola Koma Fomu Yosafikitsa Uthenga

Tiyerekeze kuti muli ndi malo ogona alendo a zipinda zisanu ndi chimodzi ku Mangochi, ndipo mukufuna kuti munthu ali ku Lilongwe aone zipindazo, adziwe mitengo, akulembereni. Simukusowa kuphunzira kulemba mapulogalamu. WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003, ndi yaulere. Zofuna ndalama ndi ziwiri: dzina la webusayiti, lomwe mumalipira chaka ndi chaka, ndi malo pa seva ya kampani yosunga mawebusayiti. Makampani ambiri otere amakupatsani batani loikira WordPress. Ikaikidwa, mumalowa polemba `/wp-admin` kumapeto kwa dzina la webusayiti yanu.

Anthu ambiri amathera masiku pa `Appearance` ndi `Themes`, pomwe amasankhira maonekedwe, ngati munthu wosankha chitenje pa msika. Apa musachedwepo. Twenty Twenty-Four, imene anakonza ndi a WordPress eniake, ikukwanirani. Mukakopeka ndi ina, onani kuti eniake anaikonzanso liti komaliza, kenako muitsegule pa foni yanu, chifukwa alendo anu ambiri adzakupezani pa foni. Zodzaza ndi zithunzi zoyendayenda zisiyeni, zimachedwa kutseguka ndipo zimatha bando ya kasitomala. Zogulitsa zomwe ena amagawa mwakuba musazikhudze n'komwe, nthawi zambiri zimabwera ndi mapulogalamu oipa obisika.

Masamba mumapangira pa `Pages`, osati pa `Posts`, chifukwa `Posts` ndi za nkhani zoyenda ndi masiku. Anayi akwana: loyamba, la zipinda ndi mitengo, la mayendedwe ofikira pamalopo, ndi lolumikizirana nanu. Mukawalemba, pitani pa `Settings`, kenako `Reading`, musankhe `A static page` n'kuloza tsamba lanu loyamba. Mukapanda kutero, mlendo adzalandiridwa ndi nkhani yachitsanzo ija ya `Hello world!`. Zithunzi za nyanja zochokera pa foni muyambe mwazichepetsa, mulifupi zisapitirire mapikiselo 1600.

Pamene pagona nkhani ndi pa fomu. Pa `Plugins` fufuzani Contact Form 7, muiike, mudine `Activate`. Kumanzere kuoneka `Contact`, ndipo mkatimo mupeza fomu yokonzeratu yofunsa dzina, imelo, mutu ndi uthenga. Pafupi pake pali kamzere koyamba ndi `[contact-form-7`. Koperani konse, mukaike m'bokosi la `Shortcode` pa tsamba lolumikizirana lija.

Poti kwathu kuno nkhani zambiri zimathera pa foni, onjezerani pofunsa nambala polemba `[tel* your-phone]` pa gawo la `Form`. Koma ambiri amaiwala kulembanso `[your-phone]` mu `Message body` pa gawo la `Mail`. Zikatero mlendo amalemba nambala yake bwinobwino, inu n'kulandira uthenga wopanda nambala.

Vuto lalikulu silioneka ndi maso. Mlendo akadina potumiza, amaona mawu omuthokoza, iye n'kumadikira yankho. Komatu mawuwo amangotanthauza kuti seva yanu yaulandira uthengawo, sakutanthauza kuti wafika kwa inu. Ngati pa `From` mwalembapo adiresi ya Gmail, kapena ya mlendoyo, wolandira makalata amaona kuti kalata ikudzitcha ya ku Gmail pamene yachokera pa seva ina. Amaiyesa yachinyengo, n'kuiponya mu `Spam` kapena kuikana kumene. Choncho pa `From` payenera kukhala adiresi ya dzina la webusayiti yanu, ndipo ya mlendo ipite pa `Additional headers`:

```
From: [your-name] <fomu@example.com>
Additional headers: Reply-To: [your-email]
```

Pamene palembedwa `example.com` ikanipo dzina lanu. Mukatero, podina kuti muyankhe, yankho lipita kwa mlendo. Makalata akapitiriza kusowa, ikani WP Mail SMTP, imene imawatumiza kudzera pa akaunti yeniyeni ya imelo yokhala ndi dzina ndi mawu achinsinsi.

Dziwaninso kuti Contact Form 7 payokha sisunga uthenga uliwonse. Kalata ikasochera, yapita basi, ndipo simudzadziwa kuti banja lina linkafuna zipinda zitatu pa Khirisimasi. Flamingo, yopangidwa ndi Takayuki Miyoshi yemwenso anapanga fomuyi, imasunga uthenga uliwonse mkati mwa WordPress. Kwa ine ziwirizi n'zoikira limodzi tsiku lomwelo.

Musanalembe dzina la webusayiti pa chikwangwani, bwerekani foni ya mnzanu, mudzaze fomuyo ngati mlendo, muone ngati uthenga wafika ndi nambala yomwe. Muzibwereza kuyesako mwezi uliwonse, komanso nthawi zonse mukangodina `Update`.