Mawu a pansi pa kanema aziyendera limodzi ndi pakamwa pa mphunzitsi

Phunziro lojambulidwa pa kanema limavuta kulitsatira pamene mawu olembedwa pansi pake akuthamanga okha. Mphunzitsi ali pa nkhani ya feteleza, koma pansi pakuoneka za kupalira zimene anamaliza kale. Amene akumva amakwiya n'kuzimitsa mawuwo, pomwe munthu wosamva, amene mawuwo ndiwo khutu lake, amangosokera osadziwa n'komwe kuti wasokera. Nthawi zambiri vuto silikhala pa kalembedwe ka mawuwo koma pa manambala a nthawi amene ali m'kafayilo kakang'ono koyenda ndi kanemayo.

Kafayiloka n'kosavuta kuposa momwe ambiri amaganizira. Mtundu wofala kwambiri ndi wa SRT, ndipo ungatsegulidwe ngakhale mu Notepad, chifukwa mulibe china koma zilembo wamba. Chigawo chilichonse chili ndi nambala yake, kenako mzere wa nthawi yoonekera ndi yozimiririka, kenako mawu enieniwo, ndipo pamapeto mzere wopanda kanthu woti usiyanitse ndi chigawo chotsatira. Nthawi imalembedwa motsatana: maola, mphindi, masekondi, ndi timagawo ta sekondi imene yagawidwa ka 1,000. Mapulogalamu oonetsera kanema sadziwa zimene mphunzitsi akunena. Amangoyang'ana wotchi, ikafika pa nambala yolembedwayo n'kuonetsa mawu, kaya agwirizana ndi pakamwa kaya ayi.

N'chifukwa chake ntchito imayamba ndi funso looneka lachabe: kodi kanemayu watha kukonzedwa? Ngati pali wina amene akufuna kudula poyambira pamene anthu anali kukhala pansi, kapena kuika chizindikiro cha sukulu kutsogolo, muyembekezeni amalize. Nthawi zonse za m'fayilo zimawerengedwa kuchokera pa chiyambi cha kanema, kotero chiyambicho chikasuntha, zonse zasuntha.

Kanema akakhazikika, lembani kaye mawu onse a phunzirolo osaganiza za nthawi. Valani mahedifoni, mverani pang'ono, imitsani, lembani, bwererani. Phunziro la mphindi 50 lingakudyereni tsiku lathunthu, makamaka ngati anajambulira m'holo yochita phokoso. Mayina a mankhwala, a mbewu ndi manambala muwatsimikize kwa mwini phunziro kapena pa zimene analemba pa bolodi, pakuti woonera amakhulupirira zolembedwa kuposa zomveka. Mukatero m'pamene mumatsegula pulogalamu yoikira nthawi. Subtitle Edit ndi Aegisub ndi zaulere, ndipo zonse ziwiri zimajambula mawu a munthu ngati timapiri ndi tizigwa pa mzere wautali. Pamene mphunzitsi akulankhula mzerewo umatukumuka, akapuma umaphwa. Chithunzi chimenechi n'chodalirika kuposa chala chanu, chifukwa munthu wodina batani atamva mawu amakhala atachedwa kale pang'ono, pomwe pa mzerewo malo enieni amene liwu layambira amaoneka ndi maso.

Tiyeni titenge chiganizo chimodzi cha m'phunziro la ulimi, chimene chanenedwa itadutsa mphindi ya 12. Mphunzitsi akuti: "Eee, tsono, chimanga chija chikafika m'mawondo, eti, m'pamene timathira feteleza wachiwiri, koma dothi likhale lonyowa." Pa mzere wa mawu uja tikuona kuti wayamba pa masekondi 3.4, wapuma pang'ono atanena "wachiwiri" pa masekondi 7.8, ndipo wamaliza pa 10.2. Kupuma kwakeko kwatipatsa kale podulira.

Gawo loyambalo, tikalilemba monga linatulukira m'kamwa, lili ndi zilembo 91 kuphatikiza mipata, ndipo lanenedwa m'masekondi 4.4. Apa pali malire awiri amene akatswiri a ntchitoyi amatsatira. Oyamba ndi a malo: malangizo a Netflix, amene ambiri amawatengera ngakhale sakugwirira ntchito kampaniyo, amalola mizere iwiri yokha, uliwonse wosapitirira zilembo 42. Zilembo 91 sizikwanamo. Achiwiri ndi a liwiro la diso. Mukagawa 91 ndi 4.4 mupeza pafupifupi zilembo 21 pa sekondi, pomwe malangizo omwewo, pa Chingerezi, amaika malire pa zilembo 20 kwa akuluakulu ndi 17 kwa ana. Pa phunziro ine ndimaona kuti 17 ndiyo yoyenera kwa aliyense, chifukwa wophunzira sakungowerenga, akuyang'ananso pa bolodi ndiponso kulemba m'kope mwake.

Tichotsa "eee", "chija" ndi "eti", amene sanyamula mfundo. Zotsala ndi zilembo 73, kutanthauza pakati pa 16 ndi 17 pa sekondi. M'fayilo zioneka chonchi:

```
148
00:12:03,400 --> 00:12:07,800
Tsono chimanga chikafika m'mawondo,
m'pamene timathira feteleza wachiwiri,

149
00:12:07,880 --> 00:12:10,600
koma dothi likhale lonyowa.
```

Taonani pamene mzere woyamba wadukira. Waduka pamene ganizo lapumira, osati pamene zilembo zatha. Kuika "feteleza" pamwamba ndi "wachiwiri" pansi kungakakamize diso kubwerera. Chichewa chimavutitsa apa kuposa Chingerezi, chifukwa timalumikiza zambiri m'liwu limodzi. Liwu monga "sitikanawathandizanso" ladya kale theka la mzere, ndipo silidulidwa pakati. Wolemba m'Chichewa amafunika zigawo zifupizifupi zambiri m'malo mwa zazitali zochepa.

Taonaninso nthawi. Chigawo 149 chikuyamba timagawo 80 chinzake chitazimiririka. Kampata aka, kofanana ndi zithunzi ziwiri pa kanema woyenda zithunzi 25 pa sekondi, kamathandiza diso kuzindikira kuti mawu asintha. Mphunzitsi wamaliza pa 10.2 koma mawu tawasiya mpaka 10.6, chifukwa kutsogolo kuli chete ndipo wowerenga amafika kumapeto mochedwerapo kuposa wolankhula. Kuchedwa kuzimiririka pang'ono sikulakwa. Cholakwa ndi kuoneka msanga kwambiri, makamaka mphunzitsi akafunsa funso n'kudikira kuti ophunzira aganize, pansi yankho litaoneka kale. Chigawo chisakhalenso nthawi yosafika pafupifupi sekondi imodzi, pakuti chimangong'anima, kapena kupitirira masekondi 7, chifukwa munthu amayamba kuchiwerenga kachiwiri poganiza kuti ndi china.

Pa zochotsa mawu musapitirire muyeso. Ngati nthawi ikulola, lembani monga momwe ananenera. Anthu amene amamva pang'ono amayang'ananso milomo, ndipo amazindikira mukawasinthira mawu. Funso lochokera kwa wophunzira wakumbuyo, limene maikolofoni sanaligwire bwino, lilembedwe ndi chizindikiro chosonyeza kuti wolankhula wasintha, apo ayi yankho la mphunzitsi limaoneka lopanda mutu.

Tsopano fayilo yatha, mwaiika pa kanema, koma mawu sakugwirizana ndi pakamwa. Musayambe kukonza chigawo chimodzichimodzi. Yezani kaye malo atatu: koyambirira, pakati ndi kumapeto, ndipo paliponse lembani kuti mawu achedwa kapena afulumira ndi masekondi angati. Manambala atatuwa ndiwo akuuzeni matenda.

Ngati onse ndi ofanana, tinene kuti achedwa ndi masekondi 42 ponseponse, ndiye kuti wina anadula masekondi 42 koyambirira kwa kanema. Mankhwala ake n'ngamphindi imodzi: mu Subtitle Edit pitani pa `Synchronization`, sankhani `Adjust all times`, bwezani zigawo zonse ndi masekondi 42. Ngati koyambirira zili bwino koma kuchokera penapake zalumpha ndi nambala imodzi yosasintha, chodulidwacho chili pakati, mwina nthawi yopuma imene inachotsedwa. Pezani malowo, fufutani zigawo za mbali yodulidwayo, ndipo musunthe zotsatira zokha.

Vuto lachitatu ndilo lozunguza mutu, chifukwa poyamba silioneka. Kusiyana kumakula pang'onopang'ono. Pa mphindi yoyamba ndi masekondi awiri kapena atatu, pa mphindi ya 10 afika 26, pa mphindi ya 50 apitirira mphindi ziwiri. Izi zimachitika pamene kanema wasinthidwa liwiro, monga wojambulidwa pa zithunzi 23.976 pa sekondi akathamangitsidwa kuti aziyenda 25. Kusiyana kwake n'kopitirira pang'ono 4 pa 100 iliyonse, kochepa moti khutu silikutola, koma pa ola lathunthu ndi mphindi ziwiri ndi theka. Kutsetsereka kocheperapo kumabweranso mukaika nthawi potsatira mawu ojambulidwa pa foni ina yomwe inali pa tebulo la mphunzitsi, pomwe kanema anajambulidwa pa kamera, pakuti mawotchi a zipangizo ziwiri sayenda chimodzimodzi ndendende. Apa kusuntha zigawo zonse sikuthandiza: mukakonza kumapeto mwawononga koyambirira. Chofunika n'kutambasula kapena kufinya nthawi yonse. Chida cha `Point sync` chimachita zimenezo. Mumachionetsa pamene chigawo china chakoyambirira chiyenera kugwera, ndi pamene china chakumapeto chiyenera kugwera, ndipo chimawerengera chokha zapakati. Malo awiriwa atalikirane kwambiri, chifukwa akayandikana, kaphonyedwe kakang'ono kamakula pofika kumapeto.

Poyeza kuchedwaku VLC imathandiza. Mabatani a G ndi H amasuntha mawu ndi timagawo 50 nthawi iliyonse mukadina, ndipo pulogalamuyo imaonetsa kuchuluka kwa zimene mwasuntha. Koma samalani, VLC sisintha fayilo. Mukatumizira mnzanu ilandiridwa ili yochedwa momwemo, ngakhale kwa inu inaoneka bwino.

Pali tizinthu tina timene timaletsa mawu kuoneka n'komwe. Mu SRT masekondi ndi timagawo take zimasiyanitsidwa ndi mpatuliro, monga `07,800`, pomwe mu WebVTT, mtundu umene makanema ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito, pamakhala kadontho, `07.800`, ndipo fayilo imayamba ndi liwu lakuti `WEBVTT`. Kusintha dzina la fayilo kokha sikusandutsa mtundu wina kukhala unzake, muitulutsenso kudzera m'pulogalamu. Notepad nayo nthawi zina imawonjezera `.txt` kumapeto kwa dzina, fayilo n'kukhala `phunziro.srt.txt`, ndipo pulogalamu yoonetsera siyiona. Kuti mawu azitseguka okha, fayilo ikhale m'foda imodzi ndi kanema ndipo dzina lifanane, `phunziro.mp4` ndi `phunziro.srt`.

Chomaliza chimakhudza amene amalemba w wa kadenga pamwamba, monga m'dzina lakuti Malaŵi. Posunga fayilo sankhani `UTF-8`. Mukasunga m'kalembedwe kakale ka Windows, kamene kalibe chilembochi, chimasanduka w wamba kapena chizindikiro cha funso, ndipo kuti chibwerere muyenera kuchilembanso. Mukaona `Åµ` pamalo pake, fayilo ili bwino, yalakwa ndi pulogalamu imene ikuiwerenga, ndiye muiuze kuti iwerenge monga `UTF-8`. Mukatha zonsezi onerani phunziro lonse kamodzi mutatseka mawu, pa foni osati pa kompyuta, chifukwa ophunzira ambiri adzaonera pamenepo, ndipo mzere wautali umene unakwana pa kompyuta ungapindike kukhala mizere itatu n'kuphimba zimene zalembedwa pa bolodi.