Makwerero Akaterereka, Nsonga Imatsika Mwaliwiro Lanji?

Mmisiri wopenta nyumba watsamiritsa makwerero a mamita 5 pakhoma. Pansi ndi pasimenti yosalala, ndipo phazi la makwererowo layamba kuseseleka kuchoka kukhoma paliwiro la mamita 0.4 pa sekondi. Panthawi imene phazilo lili mamita 3 kuchokera kukhoma, kodi nsonga yake ikutsika mwaliwiro lanji?

Ambiri amayankha msangamsanga kuti 0.4 yomweyo, poti makwerero ndi amodzi. Apa m'pamene funsoli, lomwe silisowa m'mabuku a kalikulasi, limakolera anthu.

Choyamba ndi kujambula. Khoma, pansi ndi makwerero zimapanga thirayango ya ngodya yowongoka. Mtunda wochokera kukhoma kufika paphazi umatchedwa x, ndipo kutalika kwa pamene nsonga yagunda khoma ndi y. Awiriwa akusintha nthawi ikamapita, koma makwerero satalika kapena kufupika. Lamulo la Pythagoras ndilo limawamanga pamodzi:

x² + y² = 25

Pamene x ndi 3, y ndi 4. Amisiri omanga amaidziwa bwino 3, 4, 5 imeneyi, chifukwa ndi imene amawongolera ngodya ya maziko ndi chingwe ndi zikhomo.

Komatu funso silikufuna mtunda, likufuna liwiro. Liwiro la kusintha kwa x limalembedwa dx/dt, motsata kalembedwe ka Gottfried Leibniz, amene anasindikiza kalikulasi yake mu 1684. Chilembo t chikuimira nthawi. Wophunzira amatenga mbali zonse ziwiri za lamulo lija n'kufunsa kuti chilichonse chikusintha bwanji pa sekondi. Popeza x akudalira nthawi, x² amabala 2x(dx/dt), ndipo y² amachitanso chimodzimodzi. Nambala 25 siyenda, choncho kusintha kwake ndi 0:

2x(dx/dt) + 2y(dy/dt) = 0

Tsopano m'pamene manambala amaloledwa kulowa. Kuika x = 3, y = 4 ndi dx/dt = 0.4 kumapereka 2.4 + 8(dy/dt) = 0, ndipo dy/dt = −0.3. Nsonga ikutsika mamita 0.3 pa sekondi, pang'onopang'ono kuyerekeza ndi phazi. Kachizindikiro kochotsera kaja si kolakwika ayi: kakunena kuti y akuchepa.

Wokayikira angathe kuyesa yekha. Pa gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, phazi limasuntha masentimita 4, kufika pa mamita 3.04. Akawerengetsanso ndi Pythagoras apeza kuti nsonga ili pa mamita 3.97, kutanthauza kuti yatsika pafupifupi masentimita 3.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimagwetsa ophunzira ambiri, ngakhale anzeru omwe. Amafulumira kuika 3 ndi 4 asanapeze kusintha. Akatero amatsala ndi 9 + 16 = 25, manambala ouma amene sasintha, ndipo kusintha kwake kumangotuluka 0 = 0. Makwerero awazizira pepala lisanawalole kuyenda. Nambala yokhayo yoyenera kulowa pachiyambi ndi 5, chifukwa ndi yokhayo imene ikhalabe 5 mpaka makwerero atagwa.

Miyeso nayo imaulula zolakwa. Lamulo lija likakonzedwa limakhala dy/dt = −(x/y)(dx/dt). Mu x/y, mamita apamwamba ndi apansi amafafanizana, n'kutsala mamita pa sekondi, womwe ndi muyeso wa liwiro. Yankho likatuluka m'mamita okha, penapake dx/dt kapena dy/dt waiwalika. Ndipo funso likapereka liwiro ngati masentimita 40 pa sekondi pamene makwerero ali m'mamita, wosasintha 40 kukhala 0.4 amapeza nsonga yotsika mamita 30 pa sekondi, liwiro loposa makilomita 100 pa ola. Amenewo si makwerero, ndi minibasi.

Chokoma cha funsoli chili kumapeto kwa ulendo. Phazi likafika pa mamita 4, nsonga ili pa mamita 3 ndipo ikutsika pafupifupi mamita 0.53 pa sekondi, yapitirira kale liwiro la phazi. Phazi likafika pa 4.8, nsonga ili pa 1.4 ndipo liwiro lake ndi pafupifupi 1.37. Pamene y akuyandikira 0, kugawa ndi kanambala kochepetsetsa kumatulutsa liwiro lopanda malire, ngati kuti nsonga imenya pansi mothamanga kuposa kuwala.

Masamuwo sanalakwe. Chalakwika ndi ganizo lobisika loti nsonga imamatirirabe kukhoma mpaka pansi. Paul Scholten ndi Andrew Simoson analemba za chododometsa chimenechi mu 1996: palibe chimene chimamangirira nsonga kukhoma, ndipo mphamvu yokokera zinthu pansi singaitsitse mofulumira chotero, choncho nsongayo imalekana ndi khoma isanafike pansi. Makwerero ongotsetsereka okha, popanda chowagwira pansi kapena pakhoma, amasiya khoma nsonga ikatsika kufika pa magawo awiri mwa atatu a pamene inayambira. Kuchokera pamenepo thirayango ija kulibenso, ndipo x² + y² = 25 salinso kunena za makwerero amenewo.