Mneni ndi maina amene amamtsatira

Mwana wa Giredi 2 akalemba kuti "Amai aphika ana nsima," musamuuze cabe kuti walakwa. Iye wadziwa kale kuti pali wophika, cophikidwa ndi wolandira. Cimene casowa ndi kacidutswa kamene kamalola mneni kunyamula maina awiri.

Aneni timawagawa patatu poona maina amene amafunika pambuyo pao. Mneni wosayambukira safuna dzina lomtsatira: "Mwana wagwa." Mneni woyambukira amafuna dzina limodzi la cinthu cimene nchito yagwerapo: "Mwana wathyola ndodo." Palinso aneni owerengeka amene amafuna maina awiri, wolandira ndi colandiridwa, monga patsa: "Agogo apatsa mwana nthoci." Mukangoti "Agogo apatsa mwana," womvera adzafunsa kuti, "Ampatsa ciani?"

Mneni sakhala m'gulu limodzi mpaka kalekale. Tiyeni titsate phika. Mu "Amai aphika nsima" muli dzina limodzi lotsatira mneni. Tikaika -ir- kutsogolo kwa a wotsiriza, mpata wa wolandira umatseguka: "Amai aphikira ana nsima." Wolandira ndiye amayamba, cophikidwa cimabwera pambuyo. Tikaika -idw-, cophikidwa cimapita kumayambiriro kwa ciganizo ndipo pambuyo pa mneni sipafunikanso dzina: "Nsima yaphikidwa." Motero -ir- amaonjezera dzina limodzi, pamene -idw- amacotsa limodzi.

Aneni ena amasintha m'njira zina. Gwa amasanduka gwetsa tikafuna kuchula wocititsa: "Mbale yagwa," koma "Mwana wagwetsa mbale." Thyola amasanduka thyoka ngati sitikunena za wothyola: "Ndodo yathyoka."

Cenjerani ndi ziganizo ziwiri zimene zimasokoneza. Mu "Amai aphika kale," nsima sinachulidwe, koma tonse tikudziwa kuti m'poto muli kanthu, ndipo tingafunse kuti, "Aphika ciani?" Za gwa sitingafunse tero. Mu "Mwana wagwa pabwalo," liu lakuti pabwalo likuyankha funso lakuti "pati?", osati "ciani?" Likungochula malo, ndipo gwa akhalabe wosayambukira.

M'kalasi simufunika kuwaloweza pamtima ana maina a magulu awa. Itanani ana atatu kutsogolo: wogula, wonyamula cithunzi ca buku, ndi wolandira. Awiri oyamba aimire "Atate agula buku." Wacitatu akalowa pakati pao, funsani kalasi kuti mneni amveke bwanji. Akayankha kuti "agulira," lembani ziganizo zonse ziwiri pabolodi ndi kudula mzere kunsi kwa -ir-. Bwerezani ndi lemba ndi soka, kuti amve okha kuti pambuyo pa e ndi o kacidutswa kaja kamakhala -er-: lembera, sokera. Kenaka mwana uja awerengenso ciganizo cake mokweza, ndi kucikonza yekha.