Bondi yosinthika kukhala masheya: zimene ngongole ya Tesla ya 2014 ikutiphunzitsa

Pa 1 Malichi 2019 kampani ya Tesla, yopanga galimoto zamagetsi ku America, inabweza ngongole ya madola 920 miliyoni tsiku limodzi. Amene anaikongoza anali ndi ufulu wokana ndalamazo n'kutenga masheya a kampaniyo m'malo mwake, koma anasankha ndalama. Patangotha zaka ziwiri, anzawo amene anali ndi pepala lofanana nalo, lotuluka nthawi imodzimodziyo, sakanalota n'komwe zolandira ndalama, chifukwa masheya awo anali atakwera kuwirikiza pafupifupi kakhumi. Kuti timvetse chimene chinasiyanitsa magulu awiriwa, tiyenera kudziwa manambala atatu amene amayezera bondi yamtunduwu.

Bondi ndi pepala la ngongole. Ukaigula wakongoza kampani, ndipo iyo imalonjeza kukupatsa chiwongola dzanja chaka ndi chaka, kenako kubweza ndalama yako yonse pa tsiku loikika. Bondi yosinthika ili ndi lonjezo lina pamwamba pake, lakuti mwiniwake akafuna angathe kuipereka n'kulandira masheya, ndipo chiwerengero cha masheyawo chimalembedwa pachiyambi pomwe. Chifukwa cha lonjezo limeneli okongoza amavomera chiwongola dzanja chochepa kwambiri. Kumayambiriro kwa 2014 Tesla inagulitsa mabondi otere a mitundu iwiri. Ena anali a zaka zisanu, otha mu 2019, olipira 0.25 peresenti pachaka. Ena anali a zaka zisanu ndi ziwiri, otha mu 2021, olipira 1.25 peresenti. Ndiye kuti wokongoza madola 1,000 pa mtundu woyambawo ankalandira madola awiri ndi theka basi pa chaka chonse. Palibe munthu wanzeru zake angakongoze kampani imene sinayambe kupanga phindu lokhazikika pa chiwongola dzanja chotere. Chimene ogulawo ankafuna chinali masheya.

Bondi iliyonse ya madola 1,000 inkasinthika kukhala masheya 2.7788. Mukagawa 1,000 ndi nambala imeneyi mupeza madola 359.87, umene uli mtengo wosinthira: wosintha bondi yake amakhala ngati wagula sheya imodzi pa mtengo umenewo. Koma pa nthawi imene mabondiwo ankagulitsidwa, sheya ya Tesla pamsika inali pa madola 252.54.

Nambala yoyamba ikuchokera pamenepa. Imayankha funso lakuti, nditasintha bondi yanga lero n'kugulitsa masheyawo nthawi yomweyo, ndingagwire zingati? Timachulukitsa chiwerengero cha masheya ndi mtengo wa sheya pamsika:

2.7788 × 252.54 = 701.76

Umenewu ndi mtengo wa masheya a m'bondi. Umasintha tsiku lililonse potsata msika, pamene chiwerengero cha masheya sichisuntha. Munthu analipira madola 1,000 kugula chinthu chimene atachisintha tsiku lomwelo chikanamupatsa madola 702 okha. Kusiyana kwake, madola 298, ndiyo nambala yachiwiri, imene amalonda amaitcha pulimiyamu. Kawirikawiri amainena m'maperesenti, pogawa 298 ndi 702, ndipo apa ikukwana 42.5 peresenti.

Pulimiyamu imamveka bwino tikaiona m'masheya osati m'madola. Ndi madola 1,000 omwewo munthu akanatha kungogula masheya pamsika n'kupeza 3.96. Posankha bondi anavomera 2.78. Sheya imodzi ndi kachidutswa imene anasiyayo ndiyo mtengo umene analipira kuti akhale ndi pothawira zinthu zikavuta. Pa mabondi ena, chiwongola dzanja chimabweza pulimiyamu pang'onopang'ono, ndipo wogula amawerengera kuti zitenga zaka zingati. Apa kuwerengera kumeneko kunalibe ntchito, popeza madola awiri ndi theka pachaka sangabweze madola 298 m'moyo wa munthu.

Pothawirapo ndipo pali nambala yachitatu, ndipo ine ndimaona kuti ndi imene anthu amaimvetsa molakwika kwambiri. Tiiwale kaye za masheya. Tingoyesa kuti pepalali ndi ngongole wamba, yolipira madola awiri ndi theka pachaka kwa zaka zisanu, kenako madola 1,000 pamapeto. Munthu angaligule pa mtengo wanji lero? Yankho likudalira chiwongola dzanja chimene okongoza angafune kwa kampani yotere ikanabwereka popanda lonjezo la masheya. Tiyerekeze kuti ndi 6 peresenti. Madola 1,000 olandira patatha zaka zisanu, tikawabweza ku lero pa 6 peresenti, amakhala madola 747, chifukwa 747 yoikidwa pa chiwongola dzanja chimenecho kwa zaka zisanu imakula kufika 1,000. Timadola ta chaka ndi chaka tija tikuwonjezera pafupifupi 11. Zonse pamodzi ndi madola 758. Uwu ndi mtengo wapansi, umene bondi siyembekezeka kutsika kupitirira, chifukwa itatsika, okongoza wamba amene alibe nazo ntchito za masheya angaithamangire n'kuikwezanso.

Tsono tili ndi manambala awiri oyang'anizana, 702 wa masheya ndi 758 wa ngongole. Bondi yosinthika siyenera kugulitsidwa pansi pa wamkulu mwa awiriwa. Itatsika pansi pa mtengo wa masheya ake, anthu angaigule, kuisintha n'kugulitsa masheyawo pa phindu. Itatsika pansi pa mtengo wa ngongole, angaigule n'kungodikira tsiku lobweza. Madola 242 otsala pakati pa 758 ndi 1,000 ndiwo mtengo weniweni wa ufulu wosankha, ndipo amakhala ambiri ngati sheya ya kampaniyo imakwera ndi kutsika kwambiri komanso ngati nthawi yotsala ndi yaitali.

Mu Febuluwale 2016 sheya ya Tesla inagwa kufika pansi pa madola 150. Uja anagula masheya 3.96 anatsala ndi madola osakwana 600. Masheya a m'bondi anatsika kufika pa madola 417. Koma mwini bondi sanali wokakamizika kusintha. Kunali kutatsala zaka zitatu kuti alandire madola 1,000 ake, ndipo ngakhale titayerekeza kuti msika unayamba kukayika n'kufuna 8 peresenti, mtengo wapansi unali pafupifupi madola 800. Apa chitetezo chija chinagwira ntchito yake. Onaninso chimene chimachitikira pulimiyamu pa nthawi ngati imeneyi: bondi ya madola 800 yokhala ndi masheya a madola 417 ili ndi pulimiyamu yoposa 90 peresenti. Pulimiyamu yaikulu chonchi sikutanthauza kuti anthu akuikonda bondiyo. Ikutanthauza kuti yasiya kutsata sheya ndipo yatsala ngongole chabe, moti woigula poyembekeza kuti idzakwera limodzi ndi sheya adzadikira nthawi yaitali.

Vuto la mtengo wapansi ndi lakuti sulembedwa pa pepala lililonse. Chiwerengero cha masheya chili m'pangano, mtengo wa sheya umaoneka pamsika, koma 758 ija tinaipeza titayamba ndi mawu akuti "tiyerekeze". Tikanati 10 peresenti m'malo mwa 6, mtengo wapansi ukanakhala madola 630. Zinthu ziwiri zimausuntha. Chimodzi ndi kukwera kwa chiwongola dzanja m'dziko lonse. China, chimene chili choopsa kwambiri, ndi kukayika kwa okongoza kuti kampaniyo idzabweza. Ndipo nkhani zoipa zimene zimagwetsa sheya nthawi zambiri ndi zomwezo zimene zimabweretsa kukayikako. Zili ngati kukolowekera katundu pa nthambi ya mtengo umene ukudulidwa kutsinde: mtengo ukagwa, nthambi imagwa nawo.

Tesla yomweyo inaonetsa zimenezi. Mu Ogasiti 2017 inabwereka madola 1.8 biliyoni pa bondi wamba, yosasinthika, yolipira 5.3 peresenti. Mu Malichi 2018, kupanga galimoto ya Model 3 kukuchedwa ndipo ndalama zikutha, bungwe la Moody's, loyeza kudalirika kwa obwereka, linatsitsa muyezo wa kampaniyo. Bondi wamba ija inagwa kufika pansi pa masenti 90 pa dola iliyonse. Kampani ikakhala ndi bondi wamba pamsika, imeneyo ndiyo malo abwino oonera chiwongola dzanja choyenera kugwiritsa ntchito powerengera mtengo wapansi, m'malo mongoganizira. Ikayamba kugwa, dziwani kuti mtengo wapansi wa bondi yosinthika nawonso ukutsika, ngakhale wokugulitsani akhale akutchulabe nambala yakale. Tesla inapulumuka. Kampani ya SunEdison, ya magetsi a dzuwa, imene inabwerekanso kwambiri kudzera m'mabondi osinthika, inagwa mu Epulo 2016, ndipo eni mabondiwo anaima pamzere kumbuyo kwa okongoza amene anali ndi chikole. Kwa iwo mtengo wapansi unatsika limodzi ndi sheya mpaka kutsala pang'ono kufika pa ziro.

N'chifukwa chake funso lenileni m'miyezi yoyandikira Malichi 2019 linali lakuti kodi Tesla ili ndi ndalama m'thumba. Pamene tsiku lobweza likuyandikira, mtengo wapansi umakwera wokha kulowera ku 1,000, bola kampani ikhale yotha kulipira, ndipo ufulu wosankha uja umatha mphamvu chifukwa nthawi yoti sheya ikwere yachepa. Sheya inali pa madola pafupifupi 300, pansi pa 359.87. Masheya a m'bondi anali a madola pafupifupi 834. Palibe akanapereka pepala la 1,000 kuti alandire 834, choncho kampani inalipira ndalama. Mwini bondi anatuluka ndi madola 1,000 ake ndi chiwongola dzanja cha madola 12.50 pa zaka zisanu, pamene uja wa masheya 3.96 anali ndi pafupifupi madola 1,190. Madola 242 aja analipirira chitetezo chimene pamapeto pake sanachifune, ndi mwayi umene sunafike.

Mabondi a 2021 anali ndi mtengo wosinthira womwewo, koma anali ndi zaka ziwiri zowonjezera, ndipo m'zaka ziwiri zimenezo sheya inakwera modabwitsa. Mu Ogasiti 2020 Tesla inagawa sheya iliyonse pasanu. Mapangano a mabondi otere amateteza mwini pa zimenezi, choncho masheya 2.7788 anakhala 13.894 ndipo mtengo wosinthira unatsika kufika pa madola 71.97. Amene angafufuze mitengo yakale ya Tesla lero apeza manambala ang'onoang'ono kuposa amene ndatchula pano, chifukwa cha kugawa kumeneku ndi kwina kwa patatu kumene kunachitika mu 2022. Pofika kumayambiriro kwa Malichi 2021 sheya inali pa madola pafupifupi 700, ndiye kuti masheya a m'bondi imodzi anali a madola oposa 9,000. Pa msinkhu umenewo pulimiyamu imakhala itatsala pang'ono kutheratu, popeza palibe angalipire zowonjezera pofuna chitetezo chimene chili madola 8,000 pansi pake. Munthu wogula bondi yotere pa madola 9,000 wagula sheya ya Tesla basi, ndipo sheyayo itagwa ndi theka, iyenso ataya theka la ndalama zake mtengo wapansi usanayambe n'komwe kumugwira.