Chimene chimavuta pochotsa munthu woyenda m'kanema

Content-Aware Fill ndi chida cha m'mapulogalamu a kampani ya Adobe chimene chimachotsa chinthu chosafunika pa chithunzi n'kutseka malo otsalawo kuti asaoneke kuti panali kanthu. Chinayamba kupezeka mu Photoshop m'chaka cha 2010, ndipo mu 2019 chinalowa mu After Effects kuti chizigwiranso ntchito pa makanema. Pa chithunzi chimodzi, kompyuta imayang'ana mbali zozungulira bowolo, n'kusankha tizidutswa tofanana nazo, n'kutisokerera ngati chigamba chodulidwa pa nsalu yomweyo. Udzu, mchenga ndi mitambo zimatsekeka bwino chifukwa kachidutswa kalikonse kamafanana ndi kanzake.

Kanema ndi zithunzi zambiri zotsatizana, zotchedwa mafulemu, ndipo kamera zambiri zimajambula mafulemu 25 pa sekondi. Kutseka bowo pa fulemu iliyonse payokha sikuthandiza, chifukwa zigambazo zimasiyana pang'ono. Chilichonse chitha kuoneka bwino kanema ataimitsidwa, koma akamayenda malowo amaphethiraphethira, ndipo diso la munthu silichedwa kuona zimenezi. N'chifukwa chake After Effects imayamba yafufuza m'mafulemu ena. Imatsatira mmene timadontho ta chithunzi, mapikiseli, tikusunthira kuchokera pa fulemu ina kupita pa inzake, ndipo ikapeza fulemu imene malo obisikawo akuonekera, imakopera kumeneko. Imapeka zinthu pokhapokha pamene palibe fulemu yoonetsa malowo, ndipo zopekazo n'zimene kawirikawiri zimaoneka zopakika.

Kuyenda kwa chinthu pakokha si vuto ayi, ndipo nthawi zina kumathandiza. Tiyerekeze kanema wa ukwati amene munthu wodutsa walowa kutsogolo kwa khoma la njerwa, kamera ili chiimire pa miyendo yake itatu. Ngati munthuyo akutenga mapikiseli 150 m'lifupi ndipo akusuntha mapikiseli 10 pa fulemu, njerwa iliyonse imabisika kwa mafulemu 15 okha, kenako n'kuonekanso. Khoma lonse lilipo m'kanemamo. Chimene pulogalamu siidziwa n'chakuti pa fulemu iliyonse munthu walekezera pati ndipo khoma layambira pati.

Ntchito ya masiki ndi kuiuza zimenezo. Masiki ndi mzere wotseka umene wokonza kanema amajambula mozungulira chinthu ndi chida cha Pen, n'kuuika pa Subtract kuti zam'kati mwake zidulidwe, pakhale bowo. Pulogalamu imaona zonse zakunja kwa mzerewo ngati khoma loyenera kukopera. Chigongono cha wodutsa uja chikangotulukira kunja pa mafulemu awiri kapena atatu, mtundu wa malaya ake umatengedwa n'kufalitsidwa m'bowomo, ndipo pakhoma pamaoneka kamzukwa koyenda.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaiwala kulowetsa m'masiki. Choyamba ndi mbuu wa m'mphepete. Kamera imatsegula diso lake kwa kanthawi pa fulemu iliyonse, nthawi zambiri gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi, ndipo dzanja kapena phazi lothamanga limasiya mkwasa wosakanikirana ndi khoma. Mkwasawo ndi wovuta kuuona, koma ukatsala umasiya mzere wakuda wooneka ngati thupi la munthu. Zenera la Content-Aware Fill lili ndi Alpha Expansion, imene imakulitsa bowo ndi mapikiseli angapo mbali zonse kuti limeze mkwasawo. Chachiwiri ndi chithunzithunzi. Munthu akachoka koma chithunzithunzi chake n'kumayendabe pansi, aliyense amazindikira kuti pachitika zinazake, choncho nachonso chimafuna masiki, ndipo ndi bwino chikhale ndi masiki akeake chifukwa chimatalika ndi kupindika mosiyana ndi thupi.

Wina angaganize zojambula masiki amodzi aakulu ophimba njira yonse imene munthuyo wadutsa. Kutero n'kuononga ntchito, chifukwa khoma la m'njiramo ladulidwa pa mafulemu onse, ndiye palibenso fulemu yokoperako. Pulogalamu imapeka njerwa, mizere ya simenti n'kupindika kapena kuduka. Masiki abwino amakhala okulirapo pang'ono kuposa chinthucho ndipo amayenda nacho, kuti khoma lizionekera kutsogolo ndi kumbuyo kwake.

Choyendetsa masiki ndi makiifulemu. Kiifulemu ndi chizindikiro chosunga malo ndi maonekedwe a masiki pa fulemu inayake. Wokonza amadina batani la `M` kuti Mask Path ionekere, n'kudina kawotchi kali pambali pake, ndipo kuyambira pamenepo akasuntha masiki pa fulemu ina, kiifulemu yatsopano imalembedwa yokha. Mafulemu apakati pulogalamu imawerengera yokha, ndipo ikapanda kuuzidwa zina imayendetsa masiki pa liwiro losasintha.

Cholakwika chofala chimachokera pomwepa, pakuti anthu sayenda pa liwiro limodzi. Tinene kuti wodutsa uja wayenda mapikiseli 600 kuchokera pa fulemu 0 mpaka 60, waima kuonerera mpaka fulemu 110, kenako wayendanso mapikiseli 600 mpaka fulemu 170. Makiifulemu akakhala awiri okha, pa 0 ndi pa 170, masiki aziyenda mapikiseli pafupifupi 7 pa fulemu. Pofika fulemu 60 adzakhala atayenda mapikiseli 424 pamene munthu wayenda 600. Atsalira ndi mapikiseli 176, kuposa m'lifupi mwa thupi lake, kutanthauza kuti munthuyo ali kunja kwa bowo. Makiifulemu ayenera kukhala pamene kayendedwe kasintha: pa 0, 60, 110 ndi 170. Akatero wokonza amapita pakati pa awiri alionse, n'kukonza pamene mwendo kapena mkono watuluka, n'kupitanso pakati pa zigawo zatsopanozo mpaka palibe chotuluka. Njirayi ndi yabwino kuposa kukonza fulemu iliyonse motsatizana, chifukwa makiifulemu ochuluka amanjenjemeretsa masiki. Pogwira ntchitoyi masiki amaikidwa kaye pa None kuti munthuyo azioneka. Lamulo la Track Mask limatha kutsatira chinthu lokha, koma limasochera chinthucho chikatembenuka kapena chikadutsa kuseri kwa china, choncho zotsatira zake n'zofunika kuziyendera.

Masiki akakhala bwino, amabwezedwa pa Subtract, pa Fill Method pamasankhidwa Object, imene inapangidwira zinthu zoyenda, kenako n'kudina Generate Fill Layer. Pulogalamu imatulutsa zithunzi zotsatizana zotseka bowolo. Zotsatira zake ziyenera kuonedwa kanema akuyenda, chifukwa kuphethira sikuoneka pa fulemu yoima.

Pali malire amene masiki sangadumphe. Kamera ikamayenda, zinthu zapafupi zimasuntha msanga kuposa zakutali, ndipo chidutswa chokopedwa pa fulemu ina sichikwana bwino pa inzake. Kumbuyo kukakhala khamu lovina, madzi kapena masamba ogwedezeka, zimene zinaoneka mafulemu 15 apitawo sizilinso pomwepo. Kuwala kukasintha, chigamba chimatuluka chowala kapena chakuda kuposa pozungulira, ndipo Lighting Correction imachepetsako vutoli. Pamene malo ena sakuonekera pa fulemu iliyonse, monga munthu akaima pamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, batani la Create Reference Frame limatumiza fulemu imodzi ku Photoshop kuti wokonza aitseke ndi dzanja, ndipo pulogalamu imakopera kumeneko. Kanema wautali amakonzeka bwino akagawidwa m'zigawo zazifupi pogwiritsa ntchito Work Area, chigawo chilichonse n'kupatsidwa fulemu yakeyake yokonzedwa ndi dzanja pamene kamera kapena kuwala kwasintha kwambiri.