Kuchita lendi sitolo: mtengo, kuwonjezera nthawi ndi kukonza nyumba

Amalonda ambiri pa Zalewa, pa Lisungwi, pa Ligowe ndi pa Boma la Neno amagulitsira m'nyumba za eni. Kawirikawiri pangano limakhala la pakamwa: mwini nyumba amatchula mtengo, wamalonda amapereka ndalama za miyezi itatu, kiyi n'kuperekedwa. Mkangano umabuka pambuyo pake, ndipo umagona pa mafunso atatu. Kodi lendi ikwera liti, ndipo ndi ndalama zingati? Nthawi ikatha, wamalonda ali ndi mphamvu yokhalabe? Nanga denga likayamba kudontha, akonze ndani?

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza. Mayi wina wogulitsa ufa, sopo ndi mafuta ophikira wachita lendi chipinda chimodzi mwa zinayi za nyumba ina pa Zalewa. Pangano lake ndi lolembedwa, la zaka zitatu, kuyambira pa 1 Meyi, ndipo lendi ndi K80,000 pa mwezi.

Pangano likakhala la nthawi yodziwika chotere, mwini nyumba sangakweze lendi pakati pa nthawiyo pokhapokha ngati panganolo likumulola. Koma ndi eni nyumba ochepa amene angavomere mtengo umodzi kwa zaka zitatu, poti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti ndi malata inakwera. Motero ndime yokweza lendi imakhalapo ndithu. Chofunika ndi kalembedwe kake.

Ndime yonena kuti "mwini nyumba adzakweza lendi zinthu zikakwera mtengo" ndi yoopsa kwa mayiyo, chifukwa siitchula tsiku, mlingo kapena woweruza. Ndime yabwino imati lendi idzakwera kamodzi pa chaka, pa 1 Meyi, ndi K15 pa K100 iliyonse. Ngakhale pamenepo pali msampha waung'ono. Chaka chachiwiri lendi idzakhala K92,000. Chaka chachitatu, ngati K15 ija ikuwerengedwa pa mtengo watsopano, lendi ifika K105,800. Ikawerengedwa pa mtengo woyamba wa K80,000, ifika K104,000. Kusiyana kwake ndi K1,800 pa mwezi, kapena K21,600 pa chaka, ndalama zokwanira kudanitsa anthu amene ankamvana. Pangano linene njira imene ikutsatidwa.

Ena amasankha kuti lendi idzafanane ndi ya zipinda zina za pamalopo. Njirayi ndi yachilungamo, koma imafuna zinthu ziwiri. Patchulidwe munthu wapadera amene adzagamule mbali ziwirizi zikalephera kumvana, mwina katswiri woyesa mitengo ya nyumba kapena wina amene onse avomereza. Palembedwenso kuti zimene wochita lendi waikamo yekha sizidzawerengedwa. Mayi uja akaika zitsulo m'mawindo ndi kulowetsa magetsi ndi ndalama zake, chipinda chake chidzaposa zinzake, ndipo popanda mawu amenewa adzalipira kawiri: pogula zitsulozo, ndiponso pa lendi yokwera chifukwa cha zitsulo zomwezo.

Pa kuwonjezera nthawi ndi pamene ambiri amagwira njakata. Kukhala pamalo zaka zambiri ndi kulipira mokhulupirika sikupatsa munthu ufulu wopitiriza. Ku England kuli lamulo la 1954 limene limateteza amalonda ochita lendi kuti nthawi yawo iwonjezedwe, koma lamulolo siligwira ntchito kuno. Mayi wa pa Zalewa adalira zimene zalembedwa m'pangano lake basi. Ngati muli ndime yoti angathe kuwonjezera zaka zina zitatu polembera mwini nyumba kutatsala miyezi itatu, kalata yake iyenera kufika Januwale wa chaka chomaliza asanathe, popeza panganolo likutha pa 30 Epulo. Kalata ikachedwa, mwini nyumba angathe kuikana, ndipo makhoti sakonda kufewetsa masiku a mtundu umenewu. Kunena pakamwa pokumana pamsika sikukwanira. Kalatayo ikhale iwiri, mwini nyumba asaine pa imodzi ndi kulembapo tsiku.

Ndimeyo inenenso mmene lendi yatsopano idzapezekere. Mawu oti "pa mtengo umene tidzagwirizane" amasiya khomo lotsegula, pakuti mwini nyumba amene wapeza wina wolipira zambiri angangotchula mtengo wosatheka.

Zimachitikanso kuti nthawi yatha, palibe walemba kalata, koma mayiyo akulipirabe ndipo mwini nyumba akulandira. Apa sanalowe m'zaka zina zitatu. Amatengedwa ngati wochita lendi ya mwezi ndi mwezi, ndipo angathe kuuzidwa kuti achoke pomupatsa chidziwitso cha mwezi umodzi wokha. Kwa munthu amene makasitomala ake anazolowera khomo limenelo, mwezi umodzi ndi wochepa zedi.

Za kukonza nyumba, lamulo la Registered Land Act limagawa udindo momveka bwino pamene pangano silinanene kanthu. Munthu akachita lendi gawo chabe la nyumba, monga mayiyu, mwini nyumba ndiye asamala denga, makoma akuluakulu, ngalande zikuluzikulu ndi malo amene onse amagwiritsa ntchito. Zotsalazo, monga chitseko, loko, magalasi a mawindo ndi pansi, ndi za wochita lendi. Koma amene wachita lendi nyumba yonse amasenza zambiri, denga lomwe, pokhapokha atagwirizana zina. Lamuloli limanenanso kuti kusamala nyumba ndi kuisunga monga angachitire mwini wake wanzeru, poganizira zaka zake ndi dera limene ili, osati kuikongoletsa kuposa mmene inalili tsiku lolowa. Tsono lamuloli limakhudza malo olembedwa m'kaundula wake, pomwe nyumba zambiri za m'boma lino zili pa malo a makolo. Njira yotetezeka ndi kulemba kagawidwe kameneka m'pangano momwemo.

Mvula ya mu Disembala ikalowa padenga n'kunyowetsa matumba a ufa, mayiyo alembere mwini nyumba tsiku lomwelo, chifukwa n'kovuta kumuimba mlandu pa chilema chimene sanauzidwe. Ambiri akatopa kudikira amagula malata okha n'kudula ndalamazo pa lendi. Mtima wake ndi womveka, koma popanda chilolezo cholembedwa mwini nyumba adzati lendi sinakwane. Ndipo apa ndi pamene denga limakumana ndi kalata ya mu Januwale ija: ndime zambiri zowonjezera nthawi zimati ufuluwo ndi wa yekhayo amene walipira lendi yonse ndi kusunga udindo wake. K40,000 yodulidwa chifukwa cha malata, kapena galasi losweka limene lakhala miyezi osabwezeretsedwa, zingakhale chifukwa chomukanira zaka zitatu. Ngati mwini nyumba wavomera kuti mayiyo akonze yekha, alembe mtengo wake ndi mwezi umene ndalamazo zidzadulidwe, ndipo malisiti a malata ndi a mmisiri asungidwe pamodzi ndi a lendi.

Umboni wa mmene nyumba inalili umasonkhanitsidwa tsiku lolandira kiyi. Mbali ziwirizo ziyendere chipindacho pamodzi ndi mboni, zijambule ming'alu, madontho a padenga ndi chiswe cha pamafelemu, kenako zisaine pa pepala lofotokoza zonsezo. Pepalalo limatidwe ku pangano. Ndi lomwelo limene lidzatulutsidwe tsiku lotuluka, mwini nyumba akadzafuna kugwira ndalama ya chikole ponena kuti mng'alu wa pakhoma ndi watsopano.