Ntchito Idaima Kapena Ikupitirira? Kamneni Kamene Kangakuphonyetseni Sitima

Ku Usisya, kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, katundu wolemera safika mwachisawawa. Msewu wochokera ku Mzuzu ndi wotsetsereka ndipo umavuta nthawi ya mvula. Sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951, imaima kumeneko kamodzi pa sabata popita kumpoto, ndi kamodzinso pobwerera. Katundu akaphonya ulendo umenewo, ndiye kuti mudikira sabata ina.

Tsopano tiyerekeze kuti kumeneko akumanga nyumba ya aphunzitsi. Mlembi wa komiti ndi mnyamata amene wangomaliza Fomu 4, ndipo Lachitatu lililonse amatumiza imelo ya Chingerezi kwa mayi wina wa ku Mzuzu amene amatulutsa ndalama zogulira zipangizo. Sabata ino walemba motere:

```
Last week the cement ran out and the work stops.
We bought 20 bags and load them on the Ilala.
We have finished the floor on Monday.
```

Mayi aja akhala pansi n'kuwerenga kawiri. Kodi ntchito idakali chiimire? Matumba 20 aja adakwera kale sitima, kapena akudikira pa doko ku Nkhata Bay? Akaganiza kuti ntchito idaimabe chifukwa cha simenti, atumiza ndalama za simenti wina, pomwe amisiri akufuna malata. Mnyamatayo sananame ngakhale pang'ono. Chamusokoneza ndi nthawi ya aneni, ndipo chifukwa chake chili m'kapangidwe ka Chichewa chomwe amaganiziramo.

Nthawi timaitchula kamodzi basi

Tiyeni timve zomwe mnyamatayo anali nazo m'mutu: "Sabata yatha simenti anatha, ntchito n'kuima. Tinagula matumba 20 n'kuwakweza mu Ilala." Chichewa chabwino ndithu, palibe angachitsutse.

Yang'anani aneniwo. Mu "tinagula" muli kaphatikizo -na- kamene kakutiuza kuti zinachitika kale. Nanga mu "n'kuwakweza"? Mulibe chizindikiro cha nthawi ayi. Mneni wachiwiriyu amabwereka nthawi kwa mneni woyamba. Umboni wake ndi uwu: sinthani woyambayo kuti akhale "tidzagula matumba 20 n'kuwakweza", muona kuti "n'kuwakweza" sanasinthe, koma tsopano akunena za m'tsogolo. Zili ngati bwato lokokedwa ndi boti la injini, limalowera komwe injiniyo yalowera.

Chingerezi sichilola zimenezi pofotokoza zomwe zinachitika motsatizana. Mneni aliyense ayenera kunyamula yekha chizindikiro chake cha nthawi, ngakhale akhale wachinayi pamzere. N'chifukwa chake zolakwika za mnyamata uja sizinagwe paliponse. Aneni oyamba, `ran` ndi `bought`, ali bwinobwino. Omwe aterereka ndi `stops` ndi `load`, ndipo onse awiri abwera pambuyo pa mlumikizi `and`, pamalo penipeni pomwe Chichewa chikadaika n'ku-.

Khutu nalonso limathandizira vutoli. Mawu a Chichewa amathera ndi a, e, i, o kapena u. Koma `stopped` akamatchulidwa amathera ndi p wotsatana ndi t, popanda liwu lina pakati kapena kumapeto. Ambiri a ife polankhula kamchira kameneko timakameza, ndipo chomwe khutu silinamve dzanja silichedwa kuchiiwala. Ndiye aneni amene amasinthiratu maonekedwe, omwe tidawaloweza ku pulayimale, timawakhoza, koma aja ongowonjezera `-ed` ndi amene amatipulumuka.

"Tamaliza Lolemba"

Chiganizo chachitatu chili ndi vuto la mtundu wina. M'Chichewa timanena momasuka kuti "ndafika dzulo" kapena "pansi tamaliza Lolemba". Kaphatikizo -a- kamasonyeza kuti chinthu chachitika ndipo zotsatira zake zikadalipo, ndipo sikakana kuyenda limodzi ndi tsiku. Kusukulu timaphunzira kuti "tamaliza" ndi `we have finished`, choncho timangowonjezera tsiku kumapeto.

Chingerezi chimakuuzani kuti musankhe chimodzi. Ngati mwatchula nthawi yomwe inadutsa kale, monga dzulo, Lolemba kapena chaka cha 2020, mneni akhale wa nthawi yakale wamba. Ngati mukufuna `have`, tsikulo lichotseni. Funso lodziyesera ndi lalifupi: kodi chiganizochi chikuyankha funso loti "liti"? Ngati chikuyankha, `have` alibe malo.

```
We finished the floor on Monday.
We have finished the floor.
```

Ziganizo zonse ziwirizi n'zolondola. Choyamba chikunena tsiku, chachiwiri chikunena mmene zinthu zilili lero.

Musaganize kuti zilankhulo zathu n'zosauka pa nkhani ya nthawi. Ku Usisya ambiri kunyumba amalankhula Chitonga kapena Chitumbuka, ndipo Chitumbuka chimasiyanitsa zomwe zachitika lero lomwe ndi zomwe zinachitika kalekale: -angu- ndi wa lero, -ka- ndi wa kale. Chingerezi chilibe kusiyanitsa kumeneku m'mneni. Andrea Kiso, wa ku yunivesite ya Stockholm, adalemba kafukufuku wathunthu mu 2012 woyerekeza nthawi za aneni m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chisena. Chichewanso chimagwiritsa ntchito kukweza ndi kutsitsa mawu. Tchulani "ndimaphunzira" m'njira ziwiri: ina ikutanthauza kuti mumaphunzira masiku onse, ina ikutanthauza kuti munali mkati mophunzira. Papepala zilembo n'zofanana, ndipo wowerenga amadalira mawu ozungulira. Tazolowera kusiyira wowerenga ntchito imeneyi, pomwe wowerenga Chingerezi amayembekezera kuti mneni amuuze yekha.

Kukonza imelo ija

Musanalembe lipoti la mmene ntchito ikuyendera, gawani nkhani zanu m'madengu atatu: zomwe zatha, zomwe zikuchitika panopa, ndi zomwe zatsala. Lembani dengu limodzi mpaka lithe musanagwire lina, ndipo posintha dengu ikani mawu ochenjeza wowerenga monga `now` kapena `next week`. Mukamaliza, dulani mzere kunsi kwa mneni aliyense, makamaka wobwera pambuyo pa `and`, n'kumufunsa kuti ali m'dengu liti. Imelo ya mnyamata uja ikhala chonchi:

```
Last week the cement ran out and the work stopped.
We bought 20 bags and loaded them on the Ilala.
We finished the floor on Monday.
We are now waiting for iron sheets.
```

Onani kuti chiganizo chomaliza sichinalimo poyamba. Madengu aja ndi amene aonetsa kuti la "panopa" linali lopanda kanthu, chonsecho ndi lomwe mayi a ku Mzuzu amalifuna kuti adziwe chogula.

Chenjezo limodzi: sikuti imelo yonse iyenera kukhala m'nthawi imodzi. Imelo yokonzedwayi ili ndi nthawi yakale ndi yatsopano, ndipo palibe cholakwika. Mungathe kusakaniza ngakhale m'chiganizo chimodzi, monga ponena kuti pansi munamaliza Lolemba ndipo panopa pakuuma. Nthawi ya mneni isinthe pokhapokha ngati nthawi ya zochitikazo yasinthadi.

Yeserani lero madzulo. Nenani m'Chichewa zomwe munachita Loweruka, pogwiritsa ntchito n'ku- katatu m'chiganizo chimodzi, kenako chilembeni m'Chingerezi. Werengani aneni anayiwo, muone ngati wachinayi akadali m'nthawi yomwe woyamba anayambira.